Chithunzi chilichonse chimayenda chokha

Anzanga amene mumalemba za matenda a maganizo pa mapositi a zithunzi zotsatizana, zija timasuntha ndi chala pa Instagram, musamayembekezere kuti munthu afika pa chithunzi chomaliza. Ambiri amathera pa choyamba kapena chachiwiri. Ena amajambula chimodzi n'kuchiponya pa WhatsApp, zinazo n'kutsala. N'chifukwa chake ndimati chithunzi chilichonse chizilembedwa moti ngakhale chitayenda chokha chisavulaze munthu.

Kalembedwe kamene kamandidetsa nkhawa kwambiri ndi kaja ka "bodza ndi zoona". Pa chithunzi chachiwiri mwalemba zilembo zikuluzikulu kuti, "Wonena kuti adzipha amangofuna kumveredwa chisoni." Kutsutsa kwake mwakuika pa chachitatu. Amene wajambula chachiwiricho wafalitsa bodza lokhalokha, dzina lanu lili m'munsi mwake, ndipo mwina lafika kwa mayi amene mwana wake ananena mawu amenewa dzulo. Ikani zonse pa chithunzi chimodzi, zoona zikhale pamwamba: "Munthu akanena kuti akufuna kudzipha, musazitenge mopepuka. Kumufunsa mosabisa mawu sikumuika maganizowo m'mutu." Bodzalo, ngati likufunikadi, likhale pansi m'zilembo zing'onozing'ono.

Chimodzimodzi za mankhwala. Mawu akuti "sufunika mapiritsi, uzingolimbitsa thupi ndi kupemphera" amaoneka achikondi, ndipo ine sindikunyoza pemphero kapena masewera. Koma mankhwala a matenda ovutika maganizo amatenga milungu ingapo kuti ayambe kuthandiza, ndiye pali munthu amene wangoyamba kumwa, sakuona kusintha, akusakasaka chifukwa chosiyira. Kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweretsa chizungulire, kusowa tulo, nkhawa, ndipo matenda amatha kubwerera. Lembani kuti, "Kuyenda, kugona mokwanira ndi kucheza ndi anthu zimathandiza pamodzi ndi chithandizo cha kuchipatala. Musasiye kapena kuchepetsa mankhwala musanalankhule ndi dokotala wanu." Mawu onsewa akhale pa chithunzi chomwecho.

Mawu oti "wamisala" kapena "wopenga" asapezeke ngakhale pa chithunzi choyamba chokopera anthu. Nenani kuti munthu amene akudwala matenda a maganizo. Ndipo malangizo a bungwe la WHO kwa ofalitsa nkhani za kudzipha akutikhudza ifenso: osatchula njira imene munthu anagwiritsa ntchito kapena malo ake, osazionetsa ngati njira yothetsera mavuto. "Tsopano wapumula" ndi mawu oopsa kwa amene watopa ndi moyo.

Nambala ya kopeza thandizo musaisungire kumapeto kokha. Iikeni pa chithunzi chilichonse chotchula za kudzipha, ndipo musanaponye positiyo muyiimbe nokha, mumve ngati ikuyankhidwa komanso nthawi zake, chifukwa wina adzaiimba pakati pa usiku.