Malonda amene sanachitike salembedwa m'buku la msonkho

Nthawi ya bajeti ikafika timakangana za chinthu chimodzi, chakuti boma litolera zingati. Ine mtima wanga uli pa funso limene silifunsidwa kawirikawiri: kodi msonkho umenewu upha malonda ochuluka bwanji? Ndalama yotoleredwa imaoneka, ili ndi lisiti. Koma munthu amene wabwerera kunyumba osagula kanthu chifukwa mtengo wamukulira salembedwa paliponse, ndipo zimene wataya iyeyo palibe amene wazitola.

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza kuti nkhani imveke. Tinene kuti pa tauni ina thumba la simenti ndi K20,000 popanda msonkho, ndipo pa mwezi pamagulidwa matumba 1,000. Tinenenso kuti mtengo ukakwera ndi K1,000, matumba 50 amaleka kugulidwa, komanso kuti ogulitsa amakankhira msonkho wonse kwa ogula.

Boma likaika K2,000 pa thumba, matumba ogulidwa atsala 900 ndipo boma lipeza K1,800,000. Ndalama imeneyi sinatayike. Yangochoka m'thumba la ogula n'kupita ku boma, komwe ingagule mankhwala kapena kulipira aphunzitsi. Vuto lili pa matumba 100 amene sanagulidwe aja. Mwa anthu amenewo muli mayi amene akanalolera kulipira mpaka K21,900 kuti atsirize pansi pa nyumba yake, pomwe thumbalo kulipanga ndi kulifikitsa pa sitolo ndi K20,000 basi. Akanagula, akanapindula K1,900. Wina akanalolera K20,100 yokha, phindu lake linali laling'ono. Tikawaika pamodzi, aliyense wataya pafupifupi theka la msonkho, K1,000, ndiye matumba 100 atipatsa K100,000. Imeneyi ndiyo azachuma amaitcha dediweti losi, phindu limene lafera panjira, loti wogula alibe, wogulitsa alibe, boma nalonso lilibe. Pa chithunzi cha mitengo ndi kuchuluka kwa katundu limaoneka ngati kachidutswa ka ngodya zitatu, ndipo ambiri amakatchula ndi dzina la Arnold Harberger, katswiri wa ku America amene anatchuka ndi kukayeza. Kawerengedwe kake n'kosavuta: theka la msonkho kuchulukitsa ndi katundu amene waleka kugulidwa.

Kutaya K100,000 kuti mutolere K1,800,000, ine ndikuvomera. Dziko silingayende popanda msonkho.

Koma taonani zimene zichitike msonkho ukafika K4,000. Matumba atsala 800, boma lipeza K3,200,000, yomwe sinafike n'komwe pa kawiri ka ndalama yoyamba ija. Phindu lofera panjira lafika K400,000. Msonkho wakwera kawiri, kutaya kwakwera kanayi. Zili choncho chifukwa zinthu ziwiri zikukula nthawi imodzi. Anthu othawa malonda achuluka, komanso amene akuthawa tsopano ndi anthu oti simentiyo ankaifunadi, amene kusagula kwawo kukupweteka kwambiri.

Pa K10,000 matumba atsala 500 ndipo boma lipeza K5,000,000. Apa ndiye pamathero, boma silingapeze yoposa imeneyi pa simentiyi. Likakwezanso kufika K14,000, ogula atsala ndi matumba 300 okha, ndalama ya boma itsika kufika K4,200,000, pomwe phindu lotayika lafika K4,900,000. Anthu ataya zambiri kuposa zimene boma latolera. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti K4,200,000 yomweyo boma likanaipeza ndi msonkho wa K6,000 chabe, pa matumba 700, kutaya kwake kuli K900,000. Ndalama ndi imodzimodzi, koma kwinako nyumba zambiri zaima pa windo, amisiri akhala pakhomo, angolo asowa chonyamula.

Wina anena kuti izi n'za pa bolodi. Ndiye tiyeni tipite ku Uganda. Pa 1 Julaye 2018 dzikolo linayamba kudula msonkho wa 1 peresenti pa ndalama za pa foni, polandira, polipira komanso potapa. Kumva kwake 1 peresenti ndi kochepa, koma kulemera kwa msonkho sitikuyeza poyerekeza ndi ndalama yotumizidwayo. Chimene munthu akugula apa ndi ntchito yotumiza, ndipo ndalama imodzi yomweyo inkadulidwa kangapo isanafike m'manja mwa mwini wake, kuwonjezera pa zimene kampani ya foni inkadula kale. Amalonda otumiza ndalama zikuluzikulu anali ndi kothawira. Ena anabwerera ku ndalama ya m'manja, ena anapita ku banki. Ndalama zodutsa pa foni zinatsika kwambiri m'masabata oyamba omwewo, ndipo ma ejenti, amene amadyera komishoni, anayamba kudandaula kuti ntchito yafa. Pulezidenti Yoweri Museveni ananena yekha kuti msonkhowo unayenera kukhala 0.5 peresenti, ndipo chaka chisanathe lamulo linasinthidwa, n'kutsala 0.5 peresenti pa kutapa kokha.

Ganizirani wamalonda amene ananyamula ndalama m'chikwama n'kukwera basi m'malo motumiza pa foni. Wawononga tsiku, walipira thiransipoti, wayenda ndi mantha a akuba. Boma silinapezepo ngakhale kobiri. Kuno kwathunso mu 2019 nduna ya zachuma Joseph Mwanamvekha inabwera ndi ganizo la 1 peresenti pa ndalama za pa foni, ndipo anthu atakana linachotsedwa lisanayambe kugwira ntchito. Ine ndimaona kuti kuchotsa kuja kunali kolondola.

Ndisanamveke molakwa, sikuti msonkho uliwonse waukulu umatsitsa ndalama ya boma. Zonse zimadalira kuti anthu ali ndi kothawira kapena ayi. Mchere ukakwera anthu agulabe, boma litolera, kutaya kwa mtundu uwu kukhala kochepa, ngakhale kuti msonkho wotero umaluma wosauka kuposa wolemera, ndipo limenelo ndi tchimo lina. Fodya wosuta nayenso nkhani yake ndi ina. Ngati cholinga n'chakuti anthu achepetse kusuta, kutsika kwa malonda ndi chimene tikufuna, bola ndudu zozembetsedwa zisalowe m'malo mwa zokhomeredwa msonkho. Koma katundu amene ali ndi mnzake wofanana naye, kapena amene akupezeka motchipa kutsidya kwa malire, sapirira msonkho wolemera. Ife malire athu ndi aatali, ndipo wa ku Mchinji kapena ku Dedza sachita kuuzidwa kuti njira zachidule zilipo.

N'chifukwa chake ndimakonda msonkho wocheperapo wofalikira pa katundu wambiri kusiyana ndi kusenzetsa chinthu chimodzi mtolo wonse. Popeza kutaya kumakwera kanayi msonkho ukakwera kawiri, K2,000 pa zinthu ziwiri zofanana imataya K200,000 n'kutolera K3,600,000, pomwe K4,000 pa chinthu chimodzi imataya K400,000 n'kutolera K3,200,000 yokha.

Ndiye aphungu athu, nduna ikadzakuuzani kuti msonkho wakutiwakuti wabweretsa mabiliyoni, musakhutire ndi nambala ya makwacha, chifukwa makwacha amakwera okha mitengo ikamakwera. Funsani kuti matumba, malita kapena makatoni amene analipira msonkho chaka chatha anali angati, ndipo chaka chino ndi angati. Funsaninso ngati anthu asiyadi kugwiritsa ntchito katunduyo kapena akungomugula kwina. Ngati olipira msonkho atsika ndi theka koma katunduyo ali mbwee pa msika, ndiye kuti malonda asamukira kumene a MRA sakuwaona. Ngati wasowa ndi pa msika pomwe, pitani mukawerenge nyumba zimene zaima pa windo.