Inu olemba mafomu a ngongole, nambala siyolosera

Ndakwiya, ndipo lero ndilankhula. Mlamu wanga amagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay. Amafuna ngongole yogulira feteleza mvula isanagwe, ndiye anapita kwa obwereketsa ena pano pa Salima. Mnyamata wa pa desiki anamuuza kuti, "Mayi, musavutike kubwereranso, mungojambula peyisilipi munditumizire pa WhatsApp, fomu ndikulemberani." Anajambula, anatumiza, nkuyamba kudikira. Yankho litabwera kuchokera kulikulu ku Lilongwe, akuti pempho lakanidwa chifukwa ndalama yolembedwa pa fomu sikugwirizana ndi imene imalowa ku banki. Mwachidule amutenga ngati wabodza, munthu woti fomuyo sanaigwire n'komwe.

Ndinapempha kuti ndione chithunzicho ndi fomuyo. Pepala linali lopindika pakati chifukwa chokhalitsa m'chikwama, ndipo mzere wopindikawo unadutsa ndendende pa ngongole yakale. Pansi pake, pamene pamalembedwa Net Pay, chithunzi chinaduka. Ndiye m'malo moimba foni kuti mayi jambulaninso, bwana wathuyu anangoganizira. Kuganizira ndalama za munthu!

Taonani mmene pepalalo lilili. Malipiro enieni, Basic Pay, ndi K420,000. Alawansi ya nyumba K60,000. Zonse pamodzi, Gross Pay, K480,000. Kumbali ya zodulidwa kuli msonkho wa PAYE wopita ku MRA K82,500, penshoni K21,000, SACCO K30,000, thumba la maliro la pantchito K5,000, ndi ngongole yakale K86,500. Pansi pa zimenezi makina analemba okha kuti Total Deductions K225,000, ndipo nambala imeneyi pa chithunzi ikuoneka bwinobwino, ngakhale wamaso ofooka angaiwerenge. Mukachotsa K225,000 pa K480,000 patsala K255,000. Imeneyo ndiye imalowa mu akaunti yake mwezi ndi mwezi.

Mnyamatayu 8 wopindika uja anamuona ngati 3, nkulemba K36,500. Kenako anawonkhetsa yekha nkupeza K175,000, ndipo m'bokosi la Net Pay anaikamo K305,000. Anamuonjezera mlamu wanga K50,000 imene sanaionepo chibadwire. A kulikulu atatsegula sitetimenti ya ku banki anapeza K255,000, nkhani inathera pompo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti peyisilipi imadziulula yokha. Simufunika digiri. Mukakopera zodulidwa chimodzichimodzi, wonkhetsani, muone ngati zikufanana ndi Total Deductions ya papepala. Iye anapeza K175,000, pepala likunena K225,000, maso ake ali pomwepo. Kusiyana kwa K50,000 yathunthu chonchi kukukuuzani kuti pali nambala imodzi imene mwaiwerenga molakwika, ndipo pa mizere isanu ija sizitenga nthawi kuipeza. PAYE ikuoneka, SACCO ikuoneka, wokayikitsa ndi mzere wopindika uja basi. Foni yomweyo imene analandirira chithunzi ili ndi kakyuleta. Sanaigwire.

Ndibwereze, mwina sizinamveke. Nambala imene simukuiona bwino simulemba. Bokosi limasiyidwa lopanda kanthu mpaka mutaona pepala lenileni kapena chithunzi china. Bokosi lopanda kanthu limachedwetsa munthu tsiku limodzi, koma bokosi lodzazidwa ndi nambala yolota limamupachika dzina la wakuba. Safunsa anadya phula, koma apa phula akudya mwini peyisilipi, wolembayo ali phee pa mpando wake, akulemba fomu ina.

Ndipo musandiuze kuti K50,000 ndi yochepa. Iwo eni anamuuza mlamu wanga kuti sadula kupyola gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yotsala. Pa K255,000 ndiye kuti K85,000 pamwezi. Pa K305,000 ikupitirira K100,000. Tsono tiyerekeze a kulikulu akanagona, fomu nkudutsa. Bwenzi atamupatsa ngongole yoposa mphamvu zake, nkumamudula ndalama yowerengeredwa pa malipiro omwe kulibe. Kukanidwa kunamupweteka, koma kuvomerezedwa kukanamupweteka mwezi uliwonse. Mbali zonse ziwiri wolira ndi yemweyo.

Nditaiyang'anitsitsa fomu ija ndinapeza china chimene chinandiseketsa ndi mkwiyo womwe. Pa penshoni anayamba walemba K42,000, kenako nkufufuta. Pa peyisilipi zambiri za m'makampani pamaoneka mizere iwiri ya penshoni. Lamulo la penshoni kuno ku Malawi limati wantchito azisonkha 5 peresenti, abwana aziika 10 peresenti. K21,000 ija ndi ya wantchito, imachoka pa malipiro ake. K42,000 ndi ya abwana, imalembedwa kuti mungodziwa, sichoka m'thumba mwanu. Mukailowetsa m'bokosi la zodulidwa mwamusaukitsa munthu papepala. Chimodzimodzinso danga lija lolembedwa Year to Date, limene limawonkhetsa za miyezi yonse kuyambira pamene chaka chawo chinayambira. Chithunzi chikapendekeka mizere imasemphana, diso limalumphira danga loyandikana nalo, mupeza mwalemba msonkho wa miyezi ingapo ngati wa mwezi umodzi. Zonsezi mankhwala ake ndi amodzi omwe aja, kuchotsera. Gross Pay kuchotsapo Total Deductions ikupatseni Net Pay mpaka tambala yomaliza. Ikakana, wolakwa ndinu, si pepala.

Ndikudziwa ena munena kuti anyamatawa amapanikizika, amalipidwa potengera kuchuluka kwa mafomu. Chabwino, zanu zimenezo. Masamu a sitandade 4 salira ola lathunthu.

Nanunso abale anga ojambula, tithandizeni. Yalani pepala pa tebulo, liwongoleni, mujambule pamthunzi chifukwa dzuwa la kunyanja kuno limawalitsa pepala mpaka inki yofooka ija kuzimiririka. Ngodya zonse zinayi zioneke, dzina ndi mwezi pamwamba, Net Pay pansi. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba imachichepetsa, 8 ndi 3 kapena 6 ndi 5 nkumafanana. Ndipo musalole fomu ipite musanaiwerenge. Funsani kuti, "Achimwene, pa Net Pay mwalembapo zingati?" Ndalama imene imakulowerani pakutha pa mwezi mumaidziwa pamtima, palibe angakunamizeni. Koma ngakhale mutajambula mokhota, ntchito yokana chithunzi choipa ndi ya wolandira. Iye ndiye amaona mapeyisilipi tsiku lililonse. Iye ndiye akudziwa kuti akadina batani lotumiza, nambalayo yakhala mawu a kasitomala, osati ake.

Komanso ndifunseko, popeza ndayamba kale. Zithunzi zimenezi zimathera kuti? Pa peyisilipi pali dzina lonse, nambala ya pantchito, pena ndi nambala ya akaunti, ndi ngongole zonse zimene munthu amabisira ngakhale apongozi ake. Zonsezo zili pa foni ya mnyamata, foni yake osati ya kampani, pakati pa zithunzi za ukwati ndi za mpira. Madzulo foni yomweyo ili pa tchaja pa shopu ina ku Kamuzu Road, kapena mwana akuseweretsa. Mawa akasiya ntchito apita nayo. Mlamu wanga anamuuza kuti afufute chithunzi chake, iye anangoyankha ndi kachala kokweza kaja.