CHENJEZO: Inu olemba ndemanga mukagula katundu pa foni, tadekhani

Ana anga a mu Lilongwe muno, tamverani. Masiku ano nsapato, keke, batire, ngakhale telala wosoka zovala za ukwati tikumupeza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Sitolo sitiiona, munthu sitimudziwa, ndalama timatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba katundu tisanamugwire. Chimene chimatilimbitsa mtima ndi umboni wa amene anagulako kale. Tsono umboni umenewu mwayamba kuuseweretsa, ndipo zikundinyansa.

Alipo ena othamangira kutamanda. Wa kabaza wangofika pa geti ku Area 49, jumbo sinamasulidwe, iye walemba kale kuti "munthu wodalirika uyu, gulani musaope." Mwana iwe, chimene waona ndi liwiro la njinga yamoto basi. Ketulo ija sunaiike kumagetsi, nsalu ija sunaichape kuti uone ngati isuluka. Sabata ikamatha ketulo yasiya kutentha, iwe zii chifukwa cha manyazi, pomwe wogulitsa wajambula mawu ako aja n'kumawaika pa sitetasi tsiku ndi tsiku. Amene adzagule mawa wapusitsidwa ndi iwe. Za inu oikira umboni msuweni wanu musanagule kanthu kwa iye sindinenapo zambiri. Limenelo ndi bodza, ngakhale mulitche kuthandizana.

Palinso ena a mtima wapachala. Katundu wachedwa masiku awiri, basi nkhope ya munthu, nambala yake ndi mawu oti "mbava iyi" zili m'magulu onse. Kuchedwa ndi kuba n'zosiyana. Mbava ndi amene walandira ndalama, wakutsekani pa foni, katundu osabwera. Muzikumbukanso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo pa intaneti, ndipo kuzunza kapena kunyoza munthu pa foni kuli m'gulu la milandu mmenemo. Mukhoza kuyamba muli wodandaula n'kumaliza muli woyankha mlandu.

Pa malonda otere pamakhala mafunso atatu, ndipo lililonse lili ndi yankho lakelake. Katundu anafika pa tsiku lomwe munapangana? Munthuyo amayankha foni ndi kunena zoona zinthu zitavuta? Nanga katunduyo ndi yemwe munaona pachithunzi, ndipo akugwira ntchito? Vuto lanu n'loti mumatenga funso limodzi lomwe lakupsetsani mtima kapena kukusangalatsani, n'kuweruza nalo zonse.

Tiyerekeze chonchi. Mayi wa ku Area 25 wapeza telala wa ku Kawale pa Facebook, akufuna madiresi 6 a operekeza pa chinkhoswe cha mwana wake Loweruka. Agwirizana K25,000 diresi iliyonse, zonse K150,000, mayiyo wapereka theka, K75,000, ndipo telala walonjeza Lachitatu. Lachitatu lafika, palibe. Mayi alemba uthenga, timizere tiwiri tasanduka tabuluu, yankho palibe. Aimba, foni ingoitana. Lachinayi madzulo m'pamene telala akuti magetsi anavuta masiku awiri ndipo makina ake ndi amagetsi. Madiresi afika Lachisanu usiku. Asanu akwana bwinobwino, msoko wowongoka, zipi zolimba, mkati momangidwa m'mphepete kuti nsalu isamasuke. Imodzi yathina pachifuwa.

Mayi ameneyu akalemba ali ndi mkwiyo wa Lachinayi, adzati telalayu ndi wachabechabe. Akalemba Lamlungu anthu atayamikira zovala pa chinkhoswe, adzati palibe womuposa. Konseko wanama.

Tiyeni tiunike modekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuchedwa kulipo, masiku awiri, ndipo kulembedwe ndi masiku ake. Kuvuta kwa magetsi tonse tikukudziwa, koma telala wodziwa ntchito amakuwerengera polonjeza tsiku, ndiye sikumuchotsera mlandu wonse. Cholakwa chachikulu kwa ine ndi chete uja. Munthu akanena Lachitatu m'mawa kuti "amayi, magetsi andivuta, ndimaliza Lachisanu," mwini chinkhoswe amagona tulo, kapena amatenga nsalu zotsala kupita nazo kwa telala wina nthawi ikadalipo. Kukhala chete tsiku ndi theka uli ndi K75,000 ya mwini n'kumulanda mpata wosankha chochita. Zimenezi wogula wotsatira ayenera kuzidziwa.

Nanga diresi yothinayo? Apa funsani kaye kuti anayeza ndani. Ngati telala anayeza yekha ndi tepi yake, cholakwa n'chake. Koma ngati woperekezayo ali ku Mzuzu ndipo anangotumiza miyeso pa foni, mwina atadziyeza yekha, simungamusenzetse telala. Ambiri mumabisa mbali imeneyi polemba, chifukwa imakuchotserani mphamvu pa mkangano. N'chimodzimodzi wa kabaza: ngati munamutuma ndinu, iye n'kugwetsa keke pa msewu wa Chinsapo, wophika alibe mlandu. Ngati anamusankha ndi wogulitsa, n'kukulipiritsani ya mayendedwe, udindo ndi wake mpaka katundu afike m'manja mwanu.

Ndemanga ya munthu wamkulu ikanamveka motere: "Ndinasoketsa madiresi 6 pa K25,000 iliyonse. Tinapangana Lachitatu, anafika Lachisanu usiku, ndipo kuyambira Lachitatu mpaka Lachinayi madzulo samayankha foni. Kusoka amatha, asanu anakwana bwino. Imodzi inathina koma miyeso tinatumiza tokha, ndipo anaikulitsa Loweruka m'mawa osalipiritsa. Ndingasoketsenso, koma ndingamupatse tsiku la sabata yathunthu mwambo usanafike." Mwaona? Palibe chitonzo, palibe kunyengerera. Wowerenga amene ali ndi mwezi wathunthu apita kwa telalayu mosaopa, amene ukwati uli mkucha afuna wina.

Mafunso atatu aja salemera mofanana pa malonda onse. Keke ya ukwati yofika anthu atabalalika ndi yotayika, ikome bwanji, ndiye pamenepo tsiku ndilo mutu wa nkhani. Batire ya sola yochokera kunja ikachedwa sabata chifukwa cha pa chipata kapena kusowa kwa mafuta, wogulitsa n'kumakuuzani zonse, musamuphe nazo. Funso lenileni pa batire n'loti ikusunga moto maola angati usiku, ndipo yankho lake silipezeka tsiku loyamba. Dikirani masabata angapo. Nsalu ichapeni kaye, nsapato muyende nayo, foni muone ngati ikufika madzulo. Wojambula zithunzi kapena wokonza makadi a ukwati muweruzeni pa zomwe munalemberana poyamba, osati pa zimene munasintha maganizo kachitatu ntchito ili mkati.

Musanalembe choipa pagulu, muuzeni mwini wake kumbali, mumupatse tsiku loti akonze. Mmene munthu amachitira akalakwitsa ndi mbali ya ndemanga, ndipo nthawi zambiri ndiyo imathandiza kwambiri owerenga. Akabweza ndalama kapena kusintha katundu mutalemba kale, bwererani pomwe munalembapo mukaonjezere. Enanu mumasiya chitonzo chili pomwepo ndalama mutalandira.

Tsono amene wakuberanidi musamulekerere, koma musathere pa kukuwa m'gulu. Sungani uthenga wotsimikiza kuti ndalama inapita, womwe umakhala ndi nambala yake ya malipiro, sungani macheza onse ndi chithunzi cha katundu yemwe analengeza, mupite nazo kupolisi. Ngati ndi bizinesi yodziwika yomwe yakugulitsani chinthu chosiyana ndi chimene inanena n'kukana kubweza, kadandauleni ku bungwe la CFTC, lomwe limamva madandaulo a ogula ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno. Pochenjeza anzanu lembani tsiku, ndalama ndi zomwe zinachitika, koma chithunzi cha mkazi wake, ana ake ndi nyumba yake muzisiye.