Makalata a maofesi a ku Jeremani amabisa wochita ndi chochita

Chimene chimandipweteka mtima m'makalata a maofesi a kuno ku Jeremani sichakuti amalembedwa m'Chijeremani, pakuti lamulo lawo limanena poyera kuti chiyankhulo cha m'maofesi ndi Chijeremani, ndipo ife obwera tinavomera kuchiphunzira. Chondipweteka n'chakuti munthu amakhala m'kalasi maphunziro okwana maola 600, nakhoza mayeso a chiyankhulo a B1, nayamba kucheza bwinobwino ndi anzake a kuntchito, koma kalata yokhudza ndalama zake kapena chilolezo chake chokhalira m'dziko ikafika, amapeza kuti yalembedwa mwa mtundu wina umene eniake amautcha “Nominalstil”. Kalembedwe kameneka kamatenga aneni, mawu osonyeza kuchita, n'kuwasandutsa mayina, kenaka n'kuwunjika mayinawo m'chiganizo chimodzi. Mneni akasanduka dzina amataya zinthu zitatu zimene wowerenga akuzifuna kwambiri: amene akuchita, nthawi imene akuchita, ndiponso ngati chinthucho chachitika kale kapena chikungoopsezedwa.

Mayi wina wochokera kwathu amene ndimagwira naye ntchito yosamalira okalamba anadwala nthawi yaitali. Kuno bwana amalipira wantchito wodwala kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo pambuyo pake bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo ndilo limapereka ndalama za odwala. Bungwe lake linamulembera kalata yofuna mapepala ena, ndipo pakati pa kalatayo panali chiganizo cha mtundu uwu: “Bei Nichtvorlage der angeforderten Unterlagen bis zum Ablauf der Frist erfolgt die Versagung der Leistung wegen fehlender Mitwirkung.” Tikachitsatira monga chilili, chikuti: pa kusaperekedwa kwa mapepala opemphedwa kufikira kutha kwa nthawi yoikika kumachitika kumanidwa kwa thandizo chifukwa cha kusowa kwa kutengapo mbali. Ndani kwathu angayankhule chotero kwa munthu amene ali pa mphasa? M'chiganizo chonsecho mulibe “inu” ndipo mulibe “ife”. Muli mayina asanu ndi awiri ndi mneni mmodzi yekha, “erfolgt”, amene tanthauzo lake ndi lakuti “chichitika”, ngati kuti ndalama za munthu zimaima zokha monga imaimira mvula, popanda wogwira cholembera.

Chiganizo chotere chimamasuka, ndipo njira yake ndi imodzimodzi nthawi zonse. Chijeremani chimathandiza pa chinthu chimodzi, chifukwa dzina lililonse limayamba ndi chilembo chachikulu, choncho n'kosavuta kulemba mzere kunsi kwa mayina onse. Mukatero mufunse kuti ndi ati mwa iwo amene ali zinthu zenizeni, ndipo ndi ati amene ali zochita zovala chovala cha dzina. “Unterlagen” ndi mapepala, “Frist” ndi nthawi yoikika, ndipo “Leistung”, ngakhale linachokera kwa mneni, pano likutanthauza ndalamazo, choncho atatuwa asiyeni. Anayi otsalawo ndi aneni obisika: m'kati mwa “Nichtvorlage” muli “nicht vorlegen”, kusapereka, mu “Ablauf” muli “ablaufen”, kutha, mu “Versagung” muli “versagen”, kumana, ndipo mu “Mitwirkung” muli “mitwirken”, kuchitapo mbali yako. Mayina othera ndi “-ung” ndiwo oyamba kuwakayikira, koma monga mukuonera pa awiri oyambawo, si onse amene ali ndi mchira umenewu.

Ntchito yaikulu ili pa timawu tating'ono toima patsogolo pa mayinawo, aperekezi, chifukwa m'kalembedwe aka kamperekezi kalikonse kanameza mlumikizi. Apa ndi pamene mayi uja anasokonezeka, ndipo sindimupatsa mlandu. Ku sukulu anamuphunzitsa kuti “bei” amasonyeza malo, monga kukhala kwa dokotala kapena kugwira ntchito pa kampani, ndipo anawerenga chiganizocho ngati chonena chinthu chimene chagamulidwa kale, nakhala masiku ali ndi nkhawa kuti ndalama zake zadulidwa. Koma “bei” akaima patsogolo pa dzina lochokera kwa mneni kawirikawiri amatanthauza “ngati”, ndipo amasanduka “wenn”. Momwemonso “wegen” amasanduka “weil”, chifukwa. “Nach” amasanduka “nachdem”, zitachitika. “Trotz” amasanduka “obwohl”, ngakhale kuti. Ndipo “zwecks” kapena “zur” amasanduka “damit” kapena “um zu”, n'cholinga choti. Kusiyana kwa “ngati simupereka” ndi “simunapereke” ndiko kusiyana kwa chenjezo ndi chigamulo, ndipo kusiyana konseko akuyika pa kamawu ka zilembo zitatu.

Chotsatira ndi kupezera mneni aliyense mwininkhani, ndipo apa kalata sikuthandizani, muyenera kulingalira nokha. Wopereka mapepala ndi inu, womana ndalama ndi bungwe. Pali msampha m'mawu akuti “der” otsatira dzina, chifukwa amaoneka ofanana pamene ntchito zawo n'zosiyana. Mu “Ablauf der Frist” nthawiyo ndiyo ikuchita, ndiyo ikutha, koma mu “Versagung der Leistung” ndalamazo sizikuchita kanthu, zikumanidwa ndi wina amene sanatchulidwe. Njira yodziwira ndiyo kuyesa kuliika dzinalo patsogolo pa mneni n'kumva ngati zikupereka nzeru: nthawi imatha, inde, thandizo limamana, ayi. Mukamaliza mumataya “erfolgt”, amene analibe katundu aliyense, ndipo mumatsala ndi ichi: “Wenn Sie die Unterlagen nicht vorlegen, bevor die Frist abläuft, versagen wir die Leistung, weil Sie nicht mitgewirkt haben.” M'Chichewa: ngati simupereka mapepalawo nthawi isanathe, sitikupatsani ndalama, chifukwa simunachite mbali yanu. Mayina atsala atatu, aneni akhala anayi, ndipo chiganizo sichinatalike kwenikweni. Chichewa chathu sichingalole kubisala koteroko mosavuta, popeza mneni amanyamula mwini wake m'kati, ndipo ukanena kuti “mupereke” kapena “sitikupatsani” watchula kale amene ali ndi udindo.

Tsono pali malire amene munthu ayenera kuwalemekeza, chifukwa kufewetsa chiganizo mopyola muyeso kumaononga tanthauzo la lamulo. Wina pofuna kuthandiza angalembe “ablehnen”, kukana pempho, m'malo mwa “versagen”, poganiza kuti ndi mawu ofanana. Sali ofanana. Gawo 66 la buku loyamba la malamulo a chithandizo cha anthu, limene pa makalata limalembedwa “SGB I”, limanena za kumana thandizo limene silinayambe kuperekedwa ndi kulanda limene likuperekedwa kale, ndipo zonsezi zimakhala kufikira munthu atachita mbali yake. Kutanthauza kuti khomo silinatsekedwe. Mukapereka mapepala mochedwa nkhani imatha kuyambiranso, ndipo gawo 67 limalola bungwe kulipira ndi za m'mbuyo zomwe. Pempho lokanidwa ndi nkhani ina, pakuti pamenepo akunena kuti simukuyenera kulandira. Chimene chimandikwiyitsa koposa n'chakuti gawo 66 lomwelo limagwiritsa ntchito mneni “kann”, kutanthauza kuti bungwe lingathe kumana, ndipo liyenera kulingalira za munthuyo lisanatero. Kalembedwe ka mayina kamameza “lingathe” ameneyu, n'kusiya “chichitika”, ndipo wodwala amawerenga ngati palibe munthu wokambirana naye.

Chiganizo china chimene aliyense wokhala kuno ayenera kuchimasula chili kumapeto kwa kalata ya chigamulo: “Gegen diesen Bescheid kann innerhalb eines Monats nach Bekanntgabe Widerspruch erhoben werden.” Chikutanthauza kuti chigamulocho chingathe kutsutsidwa m'kati mwa mwezi umodzi chikudziwitsireni. Mawu awiri akuti “Widerspruch erheben” ndi mneni mmodzi wogawidwa pakati, “widersprechen”, kutsutsa, monganso “einen Antrag stellen” ali chabe “beantragen”, kupempha. Wotsutsa ndi inu, ngakhale sanakutchuleni. Koma dzina lakuti “Bekanntgabe”, kudziwitsidwa za chigamulo, musalisandutse “nditawerenga kalata”, chifukwa ndi mawu a lamulo okhala ndi kawerengedwe kake. Kuyambira pa 1 Januwale 2025, kalata wamba ya chigamulo yotumizidwa pa positi m'dziko muno imatengedwa kuti yakufikani pa tsiku lachinayi chiitumizireni, pamene kale linali lachitatu. Kalata yoponyedwa Lolemba pa 3 Malichi 2025 inawerengedwa kuti yafika Lachisanu pa 7 Malichi, ndipo mwezi wotsutsira unatha Lolemba pa 7 Epulo. Pofika tsiku limenelo kalata yanu yotsutsa iyenera kukhala itafika kale ku ofesi, osati kungoponyedwa m'bokosi la positi. Kalata yobwera mu envulopu yachikasu ili ndi lamulo lina, pakuti tsiku limene wapositi walemba pa envulopuyo ndilo limawerengedwa, n'chifukwa chake envulopu yotere sitaya.

Eniake amayankha kuti mayina amafupikitsa ndiponso amasunga mawu a lamulo mosasintha, kuti akhoti asadzapeze potsutsira. Pa mawu ngati “Bekanntgabe” ndikuvomereza, ndipo ndasonyeza ndekha kuti kuwasintha n'koopsa. Koma sindivomereza kuti “Nichtvorlage” ali ndi ulemu wa lamulo umene “ngati simupereka” alibe. Si kuti sadziwa za vutoli. Bungwe loona za chiyankhulo cha Chijeremani lakhala ndi akatswiri ake ku nyumba ya malamulo ya dziko lino kuyambira 1966, ntchito yawo ili kuunika ngati malamulo akumveka. Gawo 11 la lamulo la ufulu wa anthu olumala limauza maofesi a boma lalikulu kuti afotokoze zigamulo m'chiyankhulo chosavuta kwa anthu amene ali ndi ulumali wa m'maganizo akapempha. Nzeru ilipo, akatswiri alipo, koma wantchito wobwera amene amalipira inshuwalansi mwezi ndi mwezi amalandirabe mulu wa mayina, ndipo akalephera kuumasula nthawi yake isanathe, chilango chimagwera iye, osati wolemba. Ngakhale Ajeremani obadwira konkuno amene ndimagwira nawo ntchito amawerenga makalata amenewa kawirikawiri asanamve, ndipo ophunzira akunja ofuna kulowa yunivesite amayesedwa luso lomweli losandutsa mayina kukhala aneni pa mayeso a DSH, umene uli umboni wakuti eniake akudziwa kuti ndi chiyankhulo china pachokha.

Poyankha makalata amenewa anzathu ambiri amayesa kutsanzira kalembedwe ka ofesi poopa kuoneka osaphunzira, ndipo amasochera m'ma “der” ndi ma “des” mpaka wowerenga osadziwa chimene akupempha. Palibe lamulo lokakamiza zimenezo. Kalata yotsutsa yolembedwa kuti “Ich widerspreche dem Bescheid vom 3. März 2025”, yokhala ndi nambala ya nkhani yanu ndi siginecha yanu, ndi yokwanira kuti musaphonye nthawi yoikika, ndipo zifukwa mungathe kuzitumiza pambuyo. Ngati simungathe kupeza mapepala nthawi isanathe, lembani kuti mukupempha masiku ena, mutchule pepala limene likusowa ndi amene mukuliyembekezera kwa iye, ndipo mutumize pempholo tsiku loikikalo lisanafike.