Nkhani yanthabwala mwaisandutsa chilengezo, simuchita manyazi?

Mlamu wanga, mayi wa zaka zoposa 60, sabata yathayi anakatapa ndalama zake zonse kubanki n'kubwera nazo kunyumba m'chikwama, thukuta lili kamukamu. Chinamuthamangitsa ndi chithunzi chimodzi chimene chinaponyedwa pagulu lathu la WhatsApp. Chithunzicho chinkati kuyambira pa 30 Febuluwale mabanki azidula theka la ndalama za aliyense amene akaunti yake yangokhala duu osatapamo kanthu. Amene anachiponyayo si mwana ayi, ndi bambo wa imvi, wophunzira bwino, amene tonsefe timamupatsa ulemu, ndipo pamwamba pake analembapo kuti "Abale, dziwitsani ena msanga." Anthu oposa 20 anayankha mokwiya, ena anatukwana mabanki, ena anatumiza kumagulu ena. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi Febuluwale wa masiku 30 anayamba liti.

Nditafufuza ndinapeza kuti nkhaniyo inachokera patsamba la nthabwala. Wolembayo ankanyoza mabanki chifukwa chodula ndalama zambirimbiri pa akaunti, ndipo tsiku losathekalo analiikamo dala kuti woseka aseke. Pamwamba pa tsambalo panalembedwa poyera kuti zonse za pamenepo n'zopeka. Koma chithunzi chimene chinatifika ife chinali chodulidwa, dzina la tsamba kulibe, chenjezo kulibe, mutu wa nkhani ndi ndime imodzi basi. Mlamu wanga wataya chiwongoladzanja chake, wagona masiku atatu ndi mantha a akuba, chifukwa cha nthabwala ya munthu amene sanafune n'komwe kunamiza aliyense.

Ndatopa nazo, ndipo ndikunena ndi inu akuluakulu anzanga makamaka. Kodi chala chanu n'chimene chimakulamulirani? Mumawerenga mutu wokha, mtima n'kuphulika, n'kutumiza? Mukamva nkhani kwa munthu wodziwika kuti ndi wanthabwala, mumathamanga nayo kukalengeza ngati uthenga wa maliro? Nanga pafoni bwanji?

Musaganize kuti udindo kapena sukulu zikutetezani. Jack Warner wa ku Trinidad ndi Tobago anakhalapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa FIFA, bungwe loyendetsa mpira padziko lonse. Pa 27 Meyi 2015 akuluakulu ena a bungweli anamangidwa ku Zurich, m'dziko la Switzerland, popemphedwa ndi boma la America pa milandu ya katangale, ndipo dzina la Warner linali pamndandanda wa oimbidwa mlandu. Pamenepo The Onion, nyuzipepala ya nthabwala ya ku America imene inayamba mu 1988, inalemba kuti FIFA chifukwa cha mantha yalengeza mwaphuma kuti mpikisano wa World Cup uchitikira ku America m'chaka chomwecho cha 2015, ndipo uyamba tsiku lomwelo. Nthabwala yake inali yoti akuluakulu a mpira akufuna kunyengerera dziko limene likuwamanga. Pa 31 Meyi Warner anatulutsa vidiyo yodziteteza, atanyamula pepala la nkhani yomweyo, akufunsa kuti ngati FIFA ndi yoipa chonchi, bwanji America ikufuna mpikisanowo. Dziko lonse linamuseka, ndipo mbali imeneyo anadzaichotsa mu vidiyoyo.

Tsopano taonani zimene bamboyu anali nazo m'manja. Iyeyu ankadziwa kuposa inu ndi ine kuti mpikisano wa amuna umachitika kamodzi pa zaka zinayi zilizonse, kuti unali utangochitika kumene ku Brazil mu 2014, ndipo wotsatira unali wa ku Russia mu 2018. Ankadziwa kuti dziko lochititsa mpikisano limasankhidwa kudakali zaka zambiri, popeza anakhalapo m'komiti yosankhayo. Ankadziwa kuti matimu 32 sangasonkhanitsidwe m'mawa n'kuyamba kusewera madzulo. Nanga chinamuchititsa khungu n'chiyani? Nkhaniyo inanena chimene mtima wake unkalakalaka kumva, chakuti America ikumuzunza chifukwa cha nsanje ya mpira. Mbedza ili pamenepo. Nthabwala yotere siikola munthu pa zimene sadziwa, imamukola pa zimene amakhulupirira kale.

Ndi momwemonso zinachitikira mu Sepitembala 2012, pamene Fars, bungwe lofalitsa nkhani la ku Iran, linakopera nkhani ya The Onion yoti azungu a kumidzi ku America akukonda mtsogoleri wa Iran, Mahmoud Ahmadinejad, kuposa Barack Obama. Linadzapepesa. Mu Novembala chaka chomwecho tsamba la nyuzipepala ya People's Daily ya ku China linatenga ngati zoona nthabwala yoti Kim Jong-un, mtsogoleri wa North Korea, wasankhidwa kukhala mwamuna wokongola koposa padziko, mpaka kuyala zithunzi zake 55. Ngati akonzi olipidwa amagwa chagada chonchi, inu amene mumawerenga mukuyenda mumadzidalira chiyani? Ndipo bambo wa pagulu lathu uja, kodi si chifukwa choti mabanki amamukwiyitsa kale? Nkhani ikakukomerani kwambiri, kapena ikakupsetsani mtima mpaka manja kunjenjemera, imeneyo ndiyo yoyenera kuikayikira koyamba. Inu ndiyo mumayamba kutumiza.

Chimene chimandipweteka n'chakuti wolemba nthabwala woona sabisala. Amasiya zizindikiro ponseponse ngati mapazi pamatope. Mkati mwa nkhaniyo mumakhala chinthu chosatheka: tsiku limene kulibe pakalendala, mneneri wa dzina loseketsa, udindo umene sunamvekepo, wolamulira wovomera yekha mosabisa kuti akufuna kubera anthu. Ndi mkulu uti amene amalankhula chonchi pamaso pa atolankhani? Kawirikawiri chosathekacho chimakula nkhani ikamapita kumapeto, moti ndime yomaliza ndiyo imaulula zonse. Koma ndani wa inu amafika kundime yomaliza?

Tsegulani tsamba lenilenilo muone. Pitani pansi penipeni, kapena pamene palembedwa About, ndipo nthawi zambiri mupeza mawu akuti satire, parody kapena fiction, onse kutanthauza kuti n'zopeka. Ngati mawuwo palibe, werengani mitu ya nkhani zoyandikana nayo. Mukaona kuti pamwamba pake pali nkhani ya galu wosankhidwa kukhala nduna, ndipo m'munsi mwake ya munthu wokwatira firiji, mukufunanso umboni wanji? Mphindi ziwiri zokha zimenezi zikukukanikani, koma muli ndi ola lathunthu lokangana m'makomenti.

Mudzati, "Ine ndinangolandira chithunzi, linki kunalibe." Apo ndiye mwadziweruza nokha. Chithunzi chopanda dzina la tsamba, chopanda tsiku, chopanda wolemba, mwachikhulupirira chifukwa chiyani? Nthabwala zimasanduka bodza panjira imeneyi. Wina amajambula sikirini n'kudula pamwamba. Wina amakopera mawuwo n'kuwaika patsamba lake lofuna ndalama za otsatsa malonda, chenjezo lija n'kulisiya. Wachitatu amamatapo chizindikiro cha nyumba youlutsa mawu yotchuka. Ikamafika kwa inu yavala suti. Chochita chake si chovuta: tengani mutu wa nkhaniyo monga momwe ulili, muulembe mu Google pakati pa zizindikiro izi " ", kuti akupezereni mawu omwewo ndendende. Ukatulukira patsamba la nthabwala, nkhani yatha. Ukapanda kutulukira kwina kulikonse kodalirika, nkhani yathanso. Mabanki angadule theka la ndalama za anthu, wailesi zonse n'kukhala chete, nyuzipepala zonse n'kukhala chete, banki yanu osakutumizirani uthenga, koma woyamba kudziwa n'kukhala msuweni wanu? Safunsa adadya phula, ndipo inu mukudyetsa ndi ena omwe.

Palinso maakaunti otsanzira anthu ndi makampani. Pa 10 Novembala 2022, Twitter itangoyamba kugulitsa kachizindikiro ka buluu, kamene kale kankasonyeza kuti akaunti ndi ya mwiniwake weniweni, pa madola 8 pamwezi, munthu wina anatcha akaunti yake @EliLillyandCo, n'kuikapo dzina ndi chizindikiro cha kampani yopanga mankhwala ya Eli Lilly, n'kulengeza kuti insulini, mankhwala a odwala shuga, tsopano ndi yaulere. Cholinga chinali kudzudzula kukwera mtengo kwa mankhwalawo. Anthu zikwizikwi anafalitsa, ndipo kampaniyo inachita kutsutsa kudzera pa akaunti yake yeniyeni, imene inali @LillyPad. Ganizirani wodwala shuga amene anawerenga zimenezo n'kupuma mpweya wachiyembekezo. Dzina lalikulu la pamwamba aliyense akhoza kulemba limene wafuna, chithunzi aliyense akhoza kuba. Yang'anani dzina laling'ono loyamba ndi @, muone mwezi umene akaunti inatsegulidwa, muwerenge zimene mwiniwake walemba podzifotokoza. Kampani ya zaka zoposa 100 ingakhale ndi akaunti yotsegulidwa dzana? Pulezidenti wa dziko angakhale ndi omutsatira ochepa kuposa ana a kalasi limodzi?

Olemba nthabwala sindikulimbana nawo. Kunyoza amphamvu mwa nthabwala ndi ntchito yakale, ndipo nthawi zina imafika pamene nkhani wamba siifika. Mkwiyo wanga uli pa amene amadula chenjezo mwadala, amene akagwidwa amati ankangocheza, ndiponso pa inu amene mumawanyamulira katundu wawo kwaulere. Mukuwononga mbiri za anthu ndi mawu amene sanayankhule. Mukuyambanitsa mitundu ndi mipingo. Mukuopseza okalamba ndi odwala. Tsiku lina mudzaphetsa munthu, chifukwa gulu lokwiya silifunsa ngati nkhani inali yocheza.

Ndipo wina akakuuzani kuti mwatumiza nthabwala, lekani kuyankha kuti "komabe zikhoza kuchitika." Yankho limeneli ndalimva kokwana. Zikhoza kuchitika si zachitika. Ena amangofufuta mwakachetechete ngati palibe chachitika, pamene magulu asanu amene anatumizako akupitiriza kufalitsa. Bambo wa pagulu lathu uja mpaka lero sanapepese kwa mlamu wanga. Anangoti, "Ine ndinangotumiza." Kungotumiza? Mayiyo anakhulupirira chifukwa zinachokera kwa inu, bambo, osati chifukwa cha chithunzi. Dzina lanu ndilo linakhala chidindo.

Bwererani kulikonse kumene munatumiza, mukalembe ndi manja anu omwewo kuti inali nthabwala ndipo munalakwitsa. Ngati zimenezo zikukulemerani, ikani foniyo pansi.