Teremu ya Januwale ndi imene imasankha wotsala pasukulu

Maganizo anga ndi akuti kuno ku Mzuzu ana ambiri a m'mabanja osauka sasiya sukulu chifukwa cha fizi yolembedwa pakalata ya kusukulu. Pulayimale inakhala yaulere mu 1994, ndipo fizi ya sekondale boma likhoza kuichotsa yonse, koma kholo limatulutsabe ndalama tsiku lililonse mwana akamapita kusukulu. Ndalama zing'onozing'onozi ndi zimene zimagamula, makamaka mu Januwale.

Tiyerekeze banja la ku Mchengautuwa, bambo amagwira maganyu a zomangamanga, mayi amagulitsa tomato. Ana ndi atatu: mnyamata wa Fomu 4, mtsikana amene wangosankhidwa kupita Fomu 1 kusukulu yoyendera, ndi wamng'ono wa Sitandade 6. Teremu yoyamba amalimba nayo. Chimanga chikadalipo, maganyu akupezeka poti kulibe mvula, ndiye yunifolomu amasoketsa, nsapato zakuda amagula pakaunjika, makope khumi, chikwama, bokosi la zida za masamu. Zonsezi ndi zogula kamodzi, ndipo achibale amathandizako chifukwa mwana kusankhidwa ndi nkhani yonyaditsa.

Chimene sanachiwerengere ndi ulendo. Teremu imakhala ndi masiku ophunzira pafupifupi 60. Ngati sukulu ili kutali moti mwana ayenera kukwera kabaza, kaya sakaramento monga timanenera kuno, ndiye kuti maulendo ndi 120 kupita ndi kubwerera. Ulendo umodzi tingouyika pa K500 kuti masamu aphweke: ndi K60,000 pateremu, mwana mmodzi, asanadye kanthu masana. Palibe kholo limene limaona ndalamayi pamodzi, imatuluka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake sailemba pa bajeti. Mwana akati ayende wapansi amafika mochedwa, amayamba ndi chibalo, phunziro loyamba lam'pita. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, imagwa mpaka Epulo osatopa, ndipo yunifolomu imodzi ikanyowa lero siuma pofika mawa.

Ndiye Januwale amafika. Maganyu omanga achepa, chimanga chakwera mtengo, kumudzi akufuna feteleza wobereketsa, lendi ya nyumba ili pomwepo. Apa makolo sakhala pansi n'kunena kuti uje asiye sukulu. Amangoti "uyambe wadikira kaye, mkulu wakoyu alembe mayeso." Wa Fomu 4 amatsogozedwa chifukwa alowetsapo kale zaka zitatu ndipo MSCE ili pafupi, iye amafunanso ndalama za patitaimu ndi zojambulitsira mapepala a mayeso akale. Wa pulayimale amayenda wapansi, sadula kwenikweni. Wotsala pakati ndi wa Fomu 1, ndipo akakhala mtsikana ziwiri zimamugwera pamodzi: amafunika zovalira akakhala kumwezi, komanso ndi amene angakhale pabenchi ya tomato mayi akapita kokapikula. Sindikuti makolowa ndi ankhanza ayi, masamu awo ndi omveka. Kungoti kudikira kwa masabata atatu kumamusiya mwana m'mbuyo pa masamu ndi sayansi, amalephera mayeso a teremu, ndiye kunyumba amati "onani, mutu wake si wa sukulu." Chimene chinayamba ngati kusowa K500 chimathera pa kumuweruza nzeru.

Ena amathamangira katapila. Ukatenga K40,000 kuti ubweze K60,000 mwezi ukatha, wapulumutsa teremu ino podya ndalama za teremu yamawa. Banki m'khonde ndiyabwinoko, koma magulu ambiri amagawana mu Disembala, ndipo ndalama yogawana pa Khirisimasi kawirikawiri siona tsiku lotsegulira sukulu.

Zizindikiro zimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana. Mwana amayamba kujomba tsiku limodzi pasabata, kenako awiri. Maphunziro atatu amalemba m'kope limodzi, kuyambira kutsogolo, kumbuyo ndi pakati. Nthawi yopuma satuluka m'kalasi chifukwa alibe chogulira. Akafika poti "ndikudwala" Lolemba lililonse, mphunzitsi afunse za ulendo ndi chakudya asanafunse za khalidwe.

N'chifukwa chake ndimatsutsana ndi mmene ambiri amathandizira, kaya mipingo kaya achibale a ku Joni. Amalipira zimene zili ndi risiti, amajambulitsa chithunzi mu Seputembala, basi. Ndalama yomweyo ikanagawidwa mwina: yunifolomu ziwiri m'malo mwa imodzi, njinga yakapalasa ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito m'malo mwa kabaza wa tsiku ndi tsiku, ndipo gawo lalikulu lisungidwe mpaka sabata yoyamba ya Januwale. Njinga nayo imafuna matayala ndi zigamba, komanso kunyumba agwirizane kuti m'mawa ndi ya mwana wa sukulu, osati yoti bambo akapikulire makala ku Choma.