Chenjezo kwa inu odzaza kompyuta ndi maimelo

Abale inu, zimene ndaona sabata yathayi zandinyansa ndithu. Mnyamata wina wa muofesi, wophunzira bwinobwino, laputopu yake inayamba kudandaula kuti malo atha, mzere wa C: wafiira kuti psuu, iye osafunsa munthu anangolowa mu Documents, foda ya Outlook Files momwe pulogalamu ya maimelo ya Outlook imasunga makalata, wapeza chifayilo cha 31 GB cholembedwa archive.pst, basi kufufuta, Recycle Bin n'kukhuthula. Malo anabweradi. Koma makotesheni, malisiti, makalata a makasitomala a zaka zambirimbiri anapitira pomwepo, poti akaunti yake inali ya POP, ija imatsitsa makalata n'kuwachotsa pa seva pakatha masiku 14 ngati munthu sunasinthe. Chinthu sukuchidziwa umafufuta bwanji?

Ndipo chifayilocho anachinenepetsa ndani ngati si inu nomwe? Mumasikana pepala limodzi lokha likutuluka 15 MB ngati chithunzi cha ukwati, mwaponya pa imelo osachepetsa, kumachita kuiwala kuti atachimenti ikalowa mu imelo imafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, 15 ija yasanduka 20. Kope imodzi yakhala mu Sent Items, abwana abweza atasayina ina ili mu Inbox, mwatumiza ku dipatimenti ya zachuma, mwatumizanso chifukwa akuti sanaione, wina wakubwezerani yomweyo, pepala limodzi ladya 100 MB, osawerengera lija munasunga mu Downloads. Mavidiyo a kwaya, a maliro, a bridal shawa, pa imelo ya ntchito? Simungaike pa Drive kapena OneDrive n'kutumiza linki?

Musanakhudze kanthu yang'anani kaye dzina la fayilo kumapeto. Ya .ost ndi kope chabe ya zomwe zili pa seva, imakhala kuno:

```
%localappdata%\Microsoft\Outlook
```

Fayilo ya .ost imeneyo mutatseka Outlook n'kuichotsa imamangikanso yokha, ngakhale bandulo ilira potsitsanso zonse, komanso mafoda olembedwa (This computer only) sabwerera, amenewo amakhala pa makina panu pokha. Ya .pst ndi nkhani ina, kawirikawiri ndi makalata enieniwo ndipo kwina kulibe. Imeneyo koperani kaye pa hadi dirayivu yakunja Outlook ili yotseka, kenako muziganiza zoyeretsa.

Kuyeretsako sikuti muziwerenga imelo imodziimodzi mpaka kuche ayi. Mu Outlook ya Classic, pitani File, Tools, Mailbox Cleanup, mudine View Mailbox Size muone foda yomwe yatupa, nthawi zambiri mupeza ndi Sent Items, foda imene palibe amaitsegula. Pomwepo pali Find items larger than, imawerenga mu KB, lembani 5000 ikutulutsirani onse opitirira pafupifupi 5 MB. Maimelo 200 a 20 MB ndi 4 GB, pomwe timakalata ta mawu okha ngakhale mutafufuta 2,000 simumva kusintha, ndiye mukuvutikiranji ndi tating'onoting'ono? Ngati kalatayo ndi yofunika koma katundu wakeyo ayi, itseguleni, sungani atachimenti kwina, mudine kumanja pa atachimentiyo n'kusankha Remove Attachment, mawu atsala. Kenako khuthulani Deleted Items, anthu ena mpaka amasungamo makalata ngati kabati, ine zimenezo sindizimvetsa.

Apa ndi pamene ambiri mumakwiya kuti ndafufuta zambirimbiri koma malo sanabwere. Abwera bwanji? Kutapa chimanga m'nkhokwe sikuchepetsa nkhokweyo, fayilo imakhalabe 31 GB mkati muli mphako. Muyenera kuifinya: File, Account Settings, Data Files, sankhani fayiloyo, Settings, kenako Compact Now, pa .ost batanilo labisala mu Advanced, Outlook Data File Settings. Fayilo yaikulu imatenga maola, ndiye chitani batire itadzaza, osati kuyamba magetsi atazima laputopu ili pa 12 peresenti, ikathima pakati fayilo iwonongeka mudzalira nokha. Amene muli pa Exchange kapena Microsoft 365 muchepetsenso kaslayida ka Cached Exchange Mode, kosankhira kuti makalata a nthawi yaitali bwanji azisungidwa pa makina panu, kakhale pa miyezi 6 kapena chaka chimodzi, osati All, zakalezo zizikhala pa seva.

Musamati Outlook ingomeza mpaka kale. Kuyambira ya 2010 malire a fayilo ndi 50 GB, ndipo musanafike n'komwe imayamba kuuma, Not Responding m'mawa uliwonse, kusaka kalata osaipeza, ikafika pamalire maimelo atsopano osalowa, inu n'kumanamizira netiweki ndi anyamata a kompyuta kuti sagwira ntchito. Kuchita Archive, kuja kosamutsira makalata akale mu .pst ina, nakonso sikupereka malo ngati .pst yatsopanoyo mwaisiya pa C: pomwepo, mwangosamutsa katundu.

Tsegulani Sent Items yanuyo lero muone manyazi ake. Ndinu akuluakulu inu.